Pempho la chilolezo pa foni lili ndi nthawi yake

Kale, munthu akamaika pulogalamu pa foni ya Android ankavomera zilolezo zonse nthawi imodzi. Zinthu zinasintha mu 2015 pamene Android 6.0 inatuluka. Kuyambira pamenepo, pulogalamu yofuna kamera, maikolofoni kapena kudziwa komwe muli imayenera kukupemphani ikugwira kale ntchito, ndipo muli ndi ufulu wokana.

Tiyeni titenge pulogalamu yochezerana yomwe imatumizanso mauthenga a mawu. Wopanga wopupuluma amapempha maikolofoni munthu akangotsegula pulogalamuyo koyamba. Mwini foni sanalembe ngakhale moni, ndiye amadabwa kuti akufuna kumumvetsera chifukwa chiyani, n'kukana. Nthawi yabwino ndi pamene iye mwini wadina batani lojambulira mawu. Apo pempho silidabwitsa, chifukwa akudziwa chimene akufuna kuchita.

Batanilo likadinidwa, pulogalamu iyambe yafufuza ngati chilolezo cha `RECORD_AUDIO` chilipo, pogwiritsa ntchito `checkSelfPermission`. Izi zichitike ulendo uliwonse, poti munthu angathe kulanda chilolezo chomwe anapereka dzulo, kapena anangolola kamodzi kokha. Ngati palibe, m'pamene kabokosi kopempha katuluke.

Nanga akakana? Apa m'pofunika kusamala, chifukwa kuyambira pa Android 11, munthu akakana kawiri kabokosiko sikatulukanso. Choncho akakana koyamba, pulogalamu isamuumirize. Imuuze mwachidule kuti mawu sajambulika popanda maikolofoni, kenako imusiye azilemba mauthenga ndi kutumiza zithunzi monga kale. Chimene wakana ndi maikolofoni basi, osati pulogalamu yonse.

Tsiku lina akadinanso batani lija, wopanga amafunsa foni kudzera pa `shouldShowRequestPermissionRationale`. Yankho likakhala `true`, ndiye kuti munthuyo anakanapo, ndipo ayenera kufotokozeredwa kaye: "Maikolofoni timaifuna pojambula uthenga wanu, ndipo imayaka pokhapokha mwagwira batanili." Pambali pakhale batani loti "Ayi, pakadali pano". Akasankha limeneli, kabokosi ka Android kasatulutsidwe, ndipo mwayi wotsalawo sunawonongeke.

Vuto lalikulu limabwera akakana kachiwiri. Pulogalamu ikapemphanso, foni imangoyankha yokha kuti ayi, osaonetsa chilichonse. Chizindikiro chake ndi batani looneka ngati lafa: munthu akudina, palibe chikuchitika, mpaka amaganiza kuti pulogalamu yawonongeka. Njira yotsala ndi kumuuza kuti chilolezo ndi chotseka, n'kumupatsa batani lomufikitsa pa tsamba la pulogalamuyo mu Settings, komwe angachitsegule yekha akafuna.

Kwa inu ogwiritsa ntchito foni, muyeso wake ndi wosavuta. Pulogalamu ikakupemphani chinthu chosagwirizana ndi zimene mukuchita pa nthawiyo, kanani. Yopangidwa bwino ipitiriza kugwira ntchito, ndipo mukadzachifuna chinthucho mudzachitsegula nokha.