Msampha wa Kuyesa Njira pa Mitengo Yakale

Amene amagula ndi kugulitsa masheya amayamba ayesa njira yawo pa mitengo ya zaka zapitazo. Nayi imodzi: gula pamene avareji ya mtengo ya masiku 20 yakwera kuposa ya masiku 50, gulitsa ikatsika. Phindu likachepa, munthu amasintha 20 kukhala 18, kenako 17, ndipo 50 amamukokera ku 43. Manambala 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo ndi mayeso 900. Pa mayeso ochuluka chotere, imodzi idzawala ndithu mwa mwayi chabe, ndipo ndi imeneyo amaisankha. Njirayo yangoloweza zakale ngati mwana amene waloweza mayankho a mayeso a chaka chatha. Ndalama zenizeni zikalowa, msika umabwera ndi mafunso ena.

Chizindikiro chake sichibisika. Ngati 17 ndi 43 zikupindulitsa kwambiri koma 16 ndi 44 zikuluzitsa, palibe chimene wapeza. Njira yoona imapirira ukaisuntha pang'ono.

Ine ndimakhulupirira zaka zimene munthu anazipatula osazikhudza, n'kuyesapo kamodzi kokha atachotsa ndalama za broka. Akayesa, n'kukonza, n'kuyesanso, zaka zimenezonso zalowa m'gulu la zoloweza.