Zilembo zinayi pa bokosi la banki m'khonde

Tsiku loyamba kukumana, gulu la banki m'khonde limakhala ndi zambiri zoti ligwirizane: sheya imodzi ikhala ndalama zingati, chiwongola dzanja chikhala chotani, bokosi lizigona kwa ndani, makiyi a maloko atatu aja asunge ndani. Dzina la gulu limabwera kumapeto anthu atatopa, dzuwa litapendeka. Wina amangoti "Tikondane", onse n'kuwomba m'manja, nkhani yatha. Vuto limadzaoneka patsogolo, mlangizi akamalemba magulu a m'dera lonse n'kupeza kuti a Tikondane alipo angapo, a Tiyanjane nawonso, Chisomo osanena. Pokatsegula akaunti kubanki mlembi amayamba wafotokoza kaye kuti Tikondane wawo ndi wa kutsidya kwa mtsinje, osati wa pafupi ndi chigayo.

N'chifukwa chake magulu ena amafuna dzina lachidule, lopangidwa ndi zilembo zoyamba za mawu angapo, koma loti zilembozo zikawerengedwa pamodzi zituluke liwu lenileni lomwe munthu aliyense akulidziwa.

Nzeru imeneyi ili pachibale ndi banki m'khonde kuyambira kale. Bungwe la CARE, lomwe linayambitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama a mtundu umenewu m'dziko la Niger mu 1991, lili ndi dzina lotere. M'Chingerezi liwulo limatanthauza kusamala za ena. Pomwe bungweli linkakhazikitsidwa mu 1945, chilembo chomalizacho chinkaimira Europe, chifukwa ntchito yake inali yotumiza chakudya kwa anthu amene anavutika ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kumeneko. Ntchito itafalikira kumaiko ena, mawu a kuseri kwa zilembo anasinthidwa, ndipo lero chilembo chija chimaimira liwu lotanthauza "paliponse". Dzina lalifupi lija silinagwedezeke. Anthu amasunga liwu, osati mawu amene abisala kumbuyo kwake, ndipo aliyense wofuna kupanga dzina lotere ayenera kuyambira pa liwulo.

Ambiri amayambira kolakwika. Amalemba kaye dzina lalitali, kenaka n'kutola zilembo zoyamba kuti aone chomwe chituluke. "Gulu la Amayi Osunga ndi Kubwereketsa Ndalama" limabala GAOKN, chinthu choti lilime limakana. Ngakhale mayina odziwika ngati ADMARC ndi ESCOM, omwe amatchulika ndithu, satanthauza kanthu paokha, ndipo pakamwa pa Amalawi anasanduka Adimaki ndi Esikomu. Njira yoyenda bwino ndi yobwerera chambuyo: kusankha liwu lalifupi, la zilembo zinayi kapena zisanu, kenaka kufunafuna mawu oti akhale pansi pa chilembo chilichonse.

Apa m'pamene Chichewa chimaonetsa khalidwe lake. Liwu lililonse la Chichewa limathera ndi vawelo, ndipo pakati pakenso mavawelo ali ponseponse. Ndiye kuti pa liwu la zilembo zinayi, kawirikawiri ziwiri zimafuna mawu oyamba ndi vawelo, koma mavawelo asanuwa sali olemera mofanana. A ndi mwinichuma: amayi, abambo, alimi, achinyamata, anthu, athu. O nayenso ali nazo: osunga, olimbika, ogwirizana, onse. U amapereka umodzi, ulimi, ufulu, ubale. Koma I ndi wosauka. Ukachotsa ife, inu, iwo ndi ino, chomwe chimabwera msanga m'mutu ndi imfa, ndipo palibe angafune liwu limenelo pa bokosi la ndalama. E ndiye mphawi weniweni, ali ndi mawu ochepa chabe monga eni ndi ena. Dzina ngati TIKONDANE, la zilembo zisanu ndi zinayi zokhala ndi I ndi E momwemo, likhoza kudya msonkhano wonse osatheka.

Pali misampha inanso iwiri. Chilembo R sichiyamba mawu enieni a Chichewa, chimangobwera pakati pa liwu pambuyo pa i kapena e, choncho PHIRI ndi MBIRI, ngakhale ali mayina okoma, amakakamira pa R. Winanso ndi wa zilembo zoyenda ziwiriziwiri monga ch, kh, ph ndi th. Wofuna CHUMA akalekanitsa C ndi H wadzimangirira yekha, pakuti C sayenda popanda H. Chanzeru ndi kutenga ch ngati chilembo chimodzi, monga momwe khutu limamvera, n'kupeza "Chitukuko cha Umodzi wa Mabanja Athu". Timawu tolumikiza ngati cha, wa, la ndi ndi sitiwerengedwa, bola gulu ligwirizane kuti tonse tikudumphidwa, osati kutenga kena pamene chilembo chasowa n'kusiya kena.

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa m'mene ntchitoyi imayendera. Pali gulu la anthu 20, amayi 16 ndi abambo 4, ndipo mlembi walemba papepala mawu anayi amene anthu aponya: CHUMA, UFA, MOTO ndi MASO.

CHUMA akugwa msanga ngakhale chiganizo chake chapezeka kale. Msungichuma ndiye akukana, ndipo ali ndi mfundo: bokosi limagona m'nyumba mwake, ndipo chakumapeto kwa chaka, nthawi yogawana ikayandikira, limakhala lolemera. Kulemba CHUMA pa bokosi ndi pa malaya a mamembala n'kuitana akuba ndi dzanja. UFA akuoneka wabwino, popeza ambiri amasunga ndalama kuti m'nyumba musasowe chakudya. Koma kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho ufa wophikira nsima ndi "ufa" woopseza munthu kuti amwalira amalembedwa chimodzimodzi. Kalata yokumbutsa munthu ngongole yokhala ndi chidindo cha UFA pamwamba ikhoza kukathera kwa amfumu.

MOTO ndiye wokopa, chifukwa mawu ake akugwera m'malo mosavuta: "Mabanja Osunga Tindalama Othandizana". Anthu akusangalala mpaka gogo wina atayesa dzinalo m'chiganizo cha tsiku ndi tsiku: "Ndalama zanga ndaika ku MOTO." Palibenso wolifuna.

Kuyesa kotereku ndi kofunika kuposa zonse, ndipo sikulira ndalama. Dzina liikidwe pambuyo pa ku, pa ndi mu, liikidwenso pambuyo pa a ndi wa, kenaka litchulidwe mokweza monga momwe anthu adzalitchulire pachitsime kapena pamsika. Ngati m'mudzimo muli olankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, nawonso alimve, kuopa kuti lingakhale chipongwe m'chinenero chawo. Zilembo zofanana ndi za chipani cha ndale nazo n'zofunika kuzitalikira. Magulu oyamba a ku Niger aja ankatchedwa Mata Masu Dubara m'chinenero cha Chihausa, mwachidule MMD. Ku Niger zilembozi zinalibe vuto, koma munthu wa ku Chipata kapena ku Katete akamva MMD amaganiza za chipani chomwe chinalowa m'boma ku Zambia m'chaka chomwecho cha 1991.

Watsala MASO. Liwuli likugwirizana ndi mwambo wa banki m'khonde, woti chilichonse chimachitika anthu onse akuona: bokosi limatsegulidwa pamsonkhano pokha, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku mwini wake ali pomwepo. Zilembo zakenso n'zofatsa, mulibe E, mulibe I, mulibe R.

Pa M wina akuti "Mayi", koma abambo anayi aja akuyang'anana. Liwu lotsekera ena kunja, kapena lotchula chiwerengero cha mamembala, limakalamba msanga, chifukwa gulu likagawana ndalama pakutha pa chaka ena amatuluka ena n'kulowa. Akusankha "Mabanja". Apa Chichewa chikuwabwezera zomwe chinawalanda. Mawu oyamba ndi ma- amakoka anzawo oyamba ndi a ndi o, monga mabanja athu, mabanja olimba, ndipo amenewa ndi mavawelo omwe MASO akufuna. Akanayamba ndi liwu la chi-, onse otsatira akanabwera ndi cha ndi cho, dzina lonse n'kudzaza ch.

Chiganizo choyamba chikutuluka: "Mabanja Anzeru Sakhala Osauka". Chikumveka ngati mwambi, koma wapampando akuona minga yake, chifukwa chikunena kuti osauka onse a m'mudzimo, kuphatikizapo achibale awo omwe sanalowe gululo, ndi opanda nzeru. Akusintha mawu awiri: "Mabanja Athu Sadzakhala Osauka". Tsopano chikunena za eni ake okha, ndipo ndi chiganizo chathunthu chomwe munthu wosadziwa kuwerenga angachiloweze atachimva kawiri. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi mndandanda wa mawu ongounjikana, monga "Mgwirizano, Anthu, Sheya, Onse", omwe pakatha mwezi ngakhale mlembi sawakumbukira.

Chiganizocho chili ndi malire ake, sichikunena kuti gululi ndi la ndalama. Choncho m'malamulo a gulu mulembedwe dzina lonse, "Gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la MASO", pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yaikulu ya deralo, ndipo kalembedwe kameneko kakhale kamodzimodzi pa chidindo, m'buku la mlembi ndi pa mafomu a kubanki.

Liwu lokondedwa likakhala ndi E kapena I, pali khomo lina: kutenga phatikizo loyamba la liwu lililonse m'malo mwa chilembo chimodzi. Olankhula Chiswahili amachita zimenezi kwambiri. Bungwe loona za chinenerocho ku Tanzania, Baraza la Kiswahili la Taifa, limadziwika kuti BAKITA, kuchokera ku ba, ki ndi ta. M'Chichewa KASUPE akhoza kukhala "Kangachepe Sungani, Pezani", mawu atatu okha m'malo mwa asanu ndi limodzi, ndipo E wovuta uja walowa mobisala m'phatikizo la pe.

Gulu longoyerekeza lija lisanabalalike, gogo yemwe anagwetsa MOTO akuyesanso MASO pambuyo pa ku. Papepala, kukongola kotenga ngongole ndi kukongola kwa nkhope n'kumodzi. Akuloza mayi amene wanena kale kuti adzakhala woyamba kutenga ngongole ya geni ya tomato, n'kuti: "Amai akewa akongola ku MASO." Pakhonde ponse pakubuka phwete, ndipo ali m'kati moseka mlembi akulemba dzinalo pamwamba pa tsamba loyamba la buku.