Msika wa Nkhuku za Nyama Ukakhwima: Kaikidwe ka Mtengo ndi Katsatsidwe ka Malonda

Alimi ambiri amene anaphunzira kuweta nkhuku za nyama pamalo athu ano amatiuza nkhani yofanana. Zaka zoyamba nkhuku zinkatha m'masiku atatu, koma tsopano zimakhala m'khola sabata ziwiri zikudya chakudya, ndipo m'komboni imodzi muli anthu khumi ogulitsa mabuloila. Chimene ambiri amathamangira ndi kutsitsa mtengo. Tisanatero, tiyenera kudziwa msinkhu umene malonda athu afika, chifukwa njira imene inatithandiza pamene msika unali kukula ikhoza kutilowetsa pansi msika ukakhwima.

Akatswiri a zamalonda amafanizira malonda ndi mbewu ya m'munda. Theodore Levitt, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard, anathandiza kufalitsa ganizo limeneli m'nkhani imene analemba mu 1965. Poyamba malonda amamera: ogula ndi ochepa, ndipo wogulitsa amatha nthawi kuwafotokozera za chinthu chachilendocho. Kenaka amakula: ogula atsopano amabwera mwezi uliwonse ndipo phindu limakhala lalikulu. Phindulo limakopa ogulitsa ena, mpaka malonda amakhwima: aliyense wofuna kugula akugula kale, ndipo ogulitsa akulimbirana anthu omwewo. Pomaliza amafota, pamene ogula atembenukira ku chinthu china. Pano tikunena za msinkhu wa msika. Nkhuku imafika pogulitsidwa m'sabata zisanu ndi imodzi, koma msika wake ukhoza kukhala wokhwima kwa zaka zambiri.

Mmene tingadziwire kuti msika wakhwima

Yankho lili m'buku la khola. Tiyang'ane magulu a nkhuku amene tagulitsa m'chaka chathunthu, ndipo pa gulu lililonse tilembe zinthu zinayi: masiku amene anapita kuti nkhuku zonse zithe, mtengo umene tinagulitsira, chiwerengero cha ogula atsopano poyerekeza ndi akale, ndiponso ogulitsa anzathu amene ali pafupi nafe. Ngati chiwerengero cha nkhuku zogulitsidwa chaima pamodzimodzi, masiku ogulitsira akuchuluka, nkhope zatsopano zikusowa, ndipo ogula akutiuza mtengo wa mnansi wathu tisanatchule wathu, msikawo wakhwima.

Tisasokoneze nyengo ndi msinkhu. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimapita ku zofunika za kusukulu ndi feteleza, ndipo nyama imachepa m'makomo. Anthu akagulitsa chimanga ndi soya, ndiponso pa zikondwerero za Disembala, malonda amakwera. Choncho Febuluwale wa chaka chino timuyerekeze ndi Febuluwale wa chaka chatha. Zikafanana, msika ndi wokhwima chabe. Koma ngati mwezi uliwonse ukutsika poyerekeza ndi chaka chatha, ndipo makasitomala akale akuti tsopano amagula nthuli za m'firiji kusitolo, kumeneko ndi kufota, ndipo kumafuna mankhwala ena.

Mtengo uyambire pa zimene tawononga

Titenge chitsanzo cha mlimi wa ku Chipata amene amaika anapiye 200 pa gulu. Mitengo imene tikugwiritsa ntchito ndi yophunzitsira. Aliyense aikepo yake ya lero. Anapiye pa K20 mmodzi amtengera K4,000. Nkhuku iliyonse imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira tsiku logulitsa, ndiye kuti matumba 16 a makilogalamu 50 a sitata, gulowa ndi finisha; pa K650 thumba limodzi, chakudya chonse ndi K10,400. Katemera wa chitopa ndi gumboro, makala ofunditsira anapiye, utuchi ndi mayendedwe zitenge K2,700. Zonse pamodzi ndi K17,100.

Ndalama imeneyi tisaigawe ndi anapiye 200 amene tinagula, koma ndi nkhuku zimene zafika pamsika. Ngati khumi zinafa, zatsala 190, ndipo nkhuku imodzi yatidyera K90. Pamenepa ndiye pansi penipeni pa mtengo wathu. Pamwamba pake pamaikidwa ndi anzathu: ngati onse akugulitsa pa K120, wogula sadzatipatsa K140 pa nkhuku yofanana ndi yawo. Pa K120 phindu ndi K30 pa nkhuku, kapena K5,700 pa gulu lonse.

Tsopano tione chimene chimachitika mlimiyo akachotsa K10. Kwa wogula, kusiyana kwa K120 ndi K110 ndi kochepa. Kwa mlimi, phindu latsika kuchoka pa K30 kufika pa K20, ndipo gulu lonse likumpatsa K3,800 basi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lapita. Kuti abweze K5,700 yake ayenera kugulitsa nkhuku 285, ndiye kuti kuwonjezera 95 pa zimene amagulitsa. Kawerengedwe kake ndi kosavuta: tigawe phindu lakale la nkhuku imodzi ndi phindu latsopano, kenaka tichulukitse ndi chiwerengero cha nkhuku zathu.

Pamene msika unali kukula, ogula owonjezerawo akanapezeka. Pamsika wokhwima angachokere kwa anansi okha, ndipo anansiwo sadzakhala chete. Mawa lake nawonso adzalemba K110 pa geti, ogula adzagawikana monga kale, ndipo onse adzakhala atataya K10 pa nkhuku iliyonse. Mtengo ukatsika chotero umavuta kuukwezanso, chifukwa ogula amauzolowera.

Kutsitsa kumene kuli ndi phindu

Buloila ili ndi vuto limene thumba la nyemba lilibe: imadya ikudikira wogula. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi nkhuku imadya pafupifupi magalamu 200 pa tsiku. Pa mtengo wa m'chitsanzo chathu kilogalamu ya chakudya ndi K13, choncho tsiku lililonse limatidyera K2.60 pa nkhuku. Masiku anayi atha K10, ndipo sabata yathunthu yatha K18. Popeza ambiri timagulitsa nkhuku yamoyo pa mtengo umodzi, kunenepa kowonjezerako palibe amatilipira.

Apa ndi pamene kuchotsa K10 kuli ndi nzeru. Mwini malo odyera akabwera kudzatenga nkhuku 50 pa tsiku loyamba, ndalama ili m'manja, kum'gulitsa pa K110 kumatipindulira kuposa kusunga nkhukuzo sabata ina kuti tizigulitse imodziimodzi pa K120. Kuchotsera koteroko kukhale ndi malire odziwika: chiwerengero cha nkhuku, tsiku lotengera, ndi kulipira pomwepo. Mtengo wolembedwa pa geti usasinthe.

Sikelo nayo imathandiza. Pa mtengo umodzi, ofika msanga amasankha zazikulu, ndipo zazing'ono zimatsala m'khola zikudya. Tikaziyeza n'kuzigawa patatu, zazing'ono 40 pa K105, zapakati 110 pa K120 ndi zazikulu 40 pa K140, tipeza K23,000 m'malo mwa K22,800. Kusiyanako ndi kochepa. Phindu lenileni ndi lakuti zazing'onozo zimapeza wozigula tsiku loyamba, ndipo wa ndalama zochepa sapita kwa mnansi.

Kutsatsa kwa pamsika wokhwima

Palibe munthu ku Katete kapena ku Petauke amene afunika kuuzidwa kuti buloila ndi chiyani. Chikwangwani chonena kuti pano tikugulitsa nkhuku chinagwira ntchito pamene ogulitsa anali awiri. Tsopano kutsatsa kuli ndi ntchito ziwiri: kusunga ogula amene tili nawo, ndi kuwapatsa chifukwa chosankhira ife.

Kusunga ogula kumayamba ndi mndandanda wa maina ndi manambala awo a foni. Kutatsala sabata imodzi, tiwatumizire uthenga wonena tsiku, kulemera kwa nkhuku ndi mtengo, ndipo tilembe maoda. Gulu limene theka lake lili ndi eni ake lisanatuluke m'khola silitikakamiza kugulitsa motaya. Tsiku loika anapiye tiliwerengere chobwerera m'mbuyo, kuti sabata yachisanu ndi chimodzi igwere kumapeto kwa mwezi pamene ogwira ntchito alandira malipiro. Amene ali ndi zipinda ziwiri zolekana bwino angaike anapiye 100 mosinthanitsa zipindazo m'malo mwa 200 nthawi imodzi, chifukwa malo odyera amakhulupirika kwa mlimi amene nkhuku sizimuthera. Koma chipinda chilichonse chiyenera kutsukidwa ndi kupuma gulu lina lisanalowe, ndipo anapiye asasakanizidwe ndi nkhuku zazikulu, kuopa matenda.

Chifukwa chosankhira ife chikhale chinthu chimene mnansi sangatengere tsiku limodzi monga amatengera mtengo. Nkhuku yosonsola kale, yoyera, yoperekedwa pakhomo imakopa banja la anthu ogwira ntchito. Nthuli, miyendo, mitu ndi zam'kati zopakidwa padera zimafikira ogula amene sangakwanitse nkhuku yathunthu, ndipo amenewa ndi ogula atsopano enieni. Malire ake ndi awa: nkhuku yophedwa imafuna madzi aukhondo ndi firiji, ndipo magetsi akazima katundu yense akhoza kuwonongeka. Amene alibe pozizira aphe zokhazo zimene zili ndi oda.

Mbasela ikhale ya chinthu chimene kwa ife ndi chotchipa koma kwa wogula ndi chamtengo. Thumba la manyowa a m'khola kwa kasitomala amene ali ndi dimba la ndiwo limam'kondweretsa, ndipo mtengo wa nkhuku sunakhudzidwe. Ngongole ya kumapeto kwa mwezi nayo imakopa ogula, koma tiiwerengere: pa phindu la K30, munthu mmodzi wosalipira nkhuku ya K120 watenga K90 yathu, ndipo pafunika phindu la nkhuku zina zitatu kuti ndalamayo ibwerere.

Ndalama yotsatsira tiiike malire gulu lisanayambe. K2 pa nkhuku imapereka K380, yokwanira mauthenga a pafoni ndi mapepala opakira. Wogula aliyense watsopano timufunse kumene anamva za ife, ndipo yankho tililembe. Njira imene siinabweretse munthu pa magulu awiri otsatizana tiisiye.

Chimene buku lidzatiuza

Pakapita magulu atatu tikutsata njira zimenezi, tibwerere ku zinthu zinayi zija. Masiku ogulitsira akachepa ndipo phindu la nkhuku imodzi likaima, ndiye kuti tapeza malo athu pamsika wokhwima, ndipo ukhoza kutidyetsa zaka zambiri. Pamsinkhu umenewu si nzeru kukongola ndalama yokulitsira khola tisanapeze oda yodalirika. Phindu likapitirira kutsika ngakhale tachita zonsezi, tichepetse mabuloila ndipo gawo la phindu lotsalalo liyambitse malonda amene m'dera lathu akadali kukula, kaya ndi nkhuku zakumudzi kapena mazira. Tikupempha amene anamaliza maphunziro kuti pobwera ku tsiku la alimi adzatenge mabuku awo a khola a chaka chathunthu, kuti mawerengedwe amenewa tidzawachitire pamodzi ndi mitengo yawo yeniyeni.