Kuwerenga chithunzi cha forest plot

Pa forest plot, kafukufuku aliyense amakhala ndi mzere wake wopingasa. Kabokosi kapakati kamaonetsa zomwe anapeza, ndipo mzerewo ukatalika ndiye kuti chikayikiro n'chachikulu. Ukadutsa mzere woimirira pa 1, kafukufukuyo sanatsimikize ngati mankhwalawo amathandiza. Chizindikiro chooneka ngati dayamondi, pansi penipeni, chimaphatikiza onse.

Gulu lokambirana lisathamangire dayamondiyo. Akafukufuku awiri akapeza 0.6, wachitatu 1.3, mizere yawo osakhudzana, funso n'lakuti: kodi odwala kapena mlingo wa mankhwala zinali zofanana? Nambala ya I² ikapitirira 75 peresenti, kusiyanako n'kwakukulu. Komabe I² yotsika siyodalirika ngati akafukufuku ali ochepa, monga atatuwa.