Makala a ku Cipatala Sagwila Poizoni Aliyense

Mwana wolemela makilogilamu 12 wameza mapilitsi a Panado amene amai ake anasiya pa tebulo. Akafika ku cipatala ola limodzi lisanathe, ndipo ali maso, tikhoza kumumwetsa magilamu 12 a makala osungunula m'madzi, ndiye kuti gilamu imodzi pa kilogilamu iliyonse. Munthu wamkulu timamupatsa magilamu 50.

Makala amenewa si malasha a pa mbaula. Akawaocha, amawapititsanso mu nthunzi yotentha kwambili, ndipo kambewu kalikonse kamaboka timauna tosaoneka ndi maso. Poizoni akakumana nao m'mimba, amamatilila m'timaunato monga nsabwe m'misoko ya covala. Makalawo salowa m'magazi, conco amatuluka ndi cimbudzi atanyamula poizoniyo. Cimbudzi cimada bii, koma zimenezo zisakuopseni. Ola likapita, mankhwala ambili amakhala atalowa kale m'magazi, kumene makala safika.

Nanga n'cifukwa ciani salandila mowa? Coyamba, mowa umakonda madzi kuposa makala, motelo womatilila ndi wocepa. Caciwili, umalowa m'magazi msanga, woledzela asanafike n'komwe ku cipatala. Cacitatu ndi kuculuka kwake. Kuti makala agwile bwino nchito, ayenela kuposa poizoni kakhumi. Theka la lita ya kacasu wamphamvu lingakhale ndi magilamu oposa 100 a mowa weniweni. Ngakhale ukanamatilila, pakanafunika makala oposa kilogilamu. Ndiponso woledzela amasinza. Akasanza, makala angalowe m'mapapo ndi kumutsamwitsa.

Zitsulo nazo zimakana. Tinene kuti mwana uja sanameze Panado, koma mapilitsi oonjezela magazi amene amai apakati amalandila ku sikelo. Muli ayironi, citsulo cimene cimasungunuka m'mimba monga mcele m'madzi. Tizidutswa take timagwilana zolimba ndi madzi, ndipo timangodutsa pa makala. Mtovu umacitanso cimodzimodzi.

Ayironi ndi wonyenga. M'maola 6 oyamba mwana amasanza ndi kutsegula m'mimba, mwina ndi magazi. Kenako amaoneka ngati wacila, pamene poizoni ali kuononga ciwindi. Musadikile kunyumba. Ku cipatala kuli njila zina zotsukila matumbo, ndi mankhwala a m'mtsempha amene amakoka citsuloco.

Makala sathandizanso womwa palafini, soda waukali kapena asidi wa m'batile.

Tsono wina akameza coopsa, musamusanzitse, ndipo musataye nthawi kusinja malasha. Thamangani naye ku cipatala. Tengani botolo kapena paketi ya cimene wameza, ndipo mutiuze nthawi imene wamezela. Ziwili zimenezi ndiye zimatiuza ngati makala angathandize kapena ai.