Mandala Anga Analeka Kutsetsereka

Ife a ku Mangochi tidziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Thukuta likayamba, mandala anga ankatsika kufikira kunsonga kwa mphuno, ndipo malemba a pabolodi sankaoneka bwino, pakuti diso liyenera kupenyera pakati pa galasi. Tsiku lina ndikuwerama pamjigo anagwa pansi, mwayi sanasweke. Pamenepo ndinapita kwa wokonza mandala, ndipo zimene anandionetsa ndifuna ndikuuzeni, anzanga.

Poyamba tsukani mandala ndi sopo ndi madzi ozizira, chifukwa mafuta a pakhungu amatereretsa. Kenaka gwedezani miyendo yake iwiri. Wanga wakumanja unali lendelende, chifukwa kasikuluwu ka popindikira mwendo kanali katamasuka. Kameneka mumanga ndi kasikuludiraiva kakang'ono, kupotolozera kumanja kufikira mwendo utaleka kugwa wokha. Mukalimbitsa kopitirira mupha mazinga ake, ndipo sikagwiranso.

Chachiwiri ndi timitsamiro tiwiri togona pamphuno, timene tili pa mandala achitsulo. Tikatalikirana, mandala amatsika. Gwirani chitsulo cha pakati, osati magalasi, nimukankhire kamtsamiro kalikonse m'kati ndi chala chachikulu, ngati milimita imodzi yokha. Valani, muyese. Ine ndinafulumira, ndinapanikiza kwambiri, ndipo pofika madzulo ndinali ndi zipsera ziwiri zofiira pamphuno. Ichi ndicho chizindikiro chakuti mubweze pang'ono. Kamtsamiro kagone ndi mimba yake yonse pakhungu, osati ndi m'mphepete.

Chachitatu, chimene chinandithandiza koposa, ndi nsonga za miyendo zokowa kumakutu. Mwendo uyenera kuyamba kupindika pongopitirira pamwamba pa khutu. Yanga inali itawongoka, tsono panalibe chogwira. Viikani nsonga yokha m'madzi ofunda, amene chala chitha kupirira, kwa mphindi imodzi. Magalasi asalowemo, popeza kutentha kumang'amba utoto wopyapyala wa pamwamba pake. Pulasitiki ikafewa, pindirani nsongayo pansi ndi m'kati pang'ono, niviikeni m'madzi ozizira kuti iumire pomwepo. Chitani chimodzimodzi mwendo winawo.

Poyesa, weramani monga powerenga buku, nimupukuse mutu. Mandala akakhazikika ndipo kuseri kwa khutu sikupweteka, ntchito yatha. Ngati galasi limodzi lakwera kuposa linzake, mwendo wa mbali yokwerayo mwaupinda msanga, ukukwera pakhutu. Ufundutseninso ndi kuwongola pang'ono.

Koma chenjerani. Musayese kufewetsa pa moto wa mbaula kapena wa kandulo. Pulasitiki yakale yotuwa ndi yong'aluka imathyoka msanga, ndipo chitsulo chopindidwa kawirikawiri chimaduka. Mandala otere pitani nawo kuchipatala cha maso. Anga ndinawakonza m'chilimwe chathachi, ndipo kufikira lero chala changa chapumula kukankha mandala m'kalasi.

Wophunzira wa Fomu 3