Khadi yochokera ku Glasgow ndi msampha wa "-ku-"

Positikhadi ndi kachipepala kolimba, kotalika pafupifupi masentimita 15 ndi 10 m'lifupi. Kutsogolo kuli chithunzi, kumbuyo kuli mzere wogawa pakati: kumanja adiresi ndi sitampa, kumanzere uthenga. Khadi zoyamba za boma zinatuluka ku Austria mu 1869, ndipo mu 1902 dziko la Britain linalola kuti kumbuyo kuzigawidwa chonchi. Lero ambiri timangotumizirana mauthenga pafoni, koma aphunzitsi a Chingerezi sanaitaye khadi imeneyi. Malo olembapo ndi ochepa, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi, ndipo wolemba amafotokoza zimene zikumuchitikira pomwe wagwira cholemberacho. Nthawi ya mneni yogwira ntchito imeneyi pa Chingerezi amaitcha present continuous.

Tiyerekeze mtsikana amene wapita kukaphunzira ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland kumene David Livingstone anakaphunzira udokotala mu 1836. Akulembera amayi ake:

Dear Mum,
I am sitting in a café near the River Clyde. It is raining and I am wearing two jerseys. I am staying with a Scottish family this term. I know a few streets now. I miss your nsima.

Akuti wakhala pansi m'nyumba yomwera khofi pafupi ndi mtsinje wa Clyde, kukugwa mvula, wavala majuzi awiri. Temu ino akukhala kwa banja lina la komweko, misewu ingapo waidziwa, ndipo wasowa nsima ya amayi.

Kapangidwe kake n'kosavuta: am, is kapena are, kenako mneni wothera ndi -ing. Wolankhula Chichewa amayamba ndi mwayi, chifukwa kusiyana kwa "ndikuphunzira" ndi "ndimaphunzira" anakuyamwira. Choyambacho ndi I am studying, chachiwiricho ndi I study. Ndiye chiganizo chachitatu cha m'khadimo chisakudabwitseni. Mtsikanayu sali m'nyumba ya banjalo pamene akulemba, koma I am staying ikuuza amayi kuti kukhalako n'kongoyembekezera, temu ikatha asamuka. Akanalemba I live, amayi akanaganiza kuti mwana wakhazikika.

Vuto limayamba wophunzira akakhulupirira kuti paliponse pamene pali "-ku-" payenera -ing. Ife timati "ndikudziwa", "ndikufuna", "ndikukumbukira", ndipo m'makope mumadzaza I am knowing ndi I am wanting. Chingerezi chimakana. Aneni monga know, want, need, believe ndi understand sanena za chinthu chimene munthu akuchita, koma za mmene mtima kapena mutu wake ulili, choncho kawirikawiri satenga -ing ngakhale nkhaniyo ikhale ya pano pomwe. N'chifukwa chake mtsikana wathu walemba I know. Mneni have ndiye wachinyengo kuposa onse. I am having lunch n'zolondola, chifukwa pamenepo have akutanthauza kudya, koma I am having two brothers n'zolakwika, chifukwa kukhala ndi achimwene si ntchito. Njira yodziyesera ndi iyi: kodi wojambula atafika pano angajambule ndikuchita chimenechi? Kudya angajambule, kudziwa ayi. Njirayi ili ndi malire ake, poti I am thinking about you n'zololedwa ngakhale maganizo sajambulika, koma kwa woyamba kumene imapulumutsa zambiri.

Pali pena pamene "-ku-" palibe koma -ing ikufunika. Timati "ndakhala pansi", "ndavala juzi", "ndaima pakhomo", ngati kuti zinachitika kale. Wophunzira wotsatira Chichewa amalemba I have worn, pamene Mngelezi amaona munthu ali chivalire, nati I am wearing. Ine ndimaona kuti mphunzitsi amene wathera nthawi pa aneni atatu okha, sit, stand ndi wear, wathandiza ana kuposa amene wawalembetsa mndandanda wa aneni makumi asanu.

Zotsalazo n'zamasipelo. Write amataya e kukhala writing, sit amabwereza t kukhala sitting, lie amasanduka lying, pamene study amasunga y wake, studying. Ana ambiri amaiwalanso am n'kulemba I studying, popeza kwathu zonse zimalowa m'liwu limodzi, "ndikuphunzira".

Pochonga, mphunzitsi atenge cholembera chofiira n'kuzunguliza -ing aliyense, kenako ayang'ane kumanzere kwake ngati kuli am, is kapena are. Bwino koposa, ana asinthane makadi, aliyense azungulize za mnzake, wina awerenge mokweza ngati mayi amene walandira khadi kuchokera ku positi.